Magazi poyamba, sikelo pambuyo, khofi pomaliza: kukonzekera malathoni

Zikomo nonse, amayi ndi abambo, makamaka inu amene mwalembetsa kale mpikisano wa makilomita 42. Mafunso amene mwatumiza ambiri ndi a kafini ndi timapaketi ta mchere. Ndiyankha, koma ndiyambira pa ayironi. Chifukwa chake n'chakuti kafini amagwira ntchito mu ola limodzi, za mchere mungazidziwe m'masabata awiri, koma ayironi akachepa m'thupi pamafunika miyezi iwiri kapena itatu kuti abwerere. Chochedwa kukonzeka ndicho chiyenera kuyezedwa poyamba.

Tiyerekeze kuti tili ndi mayi wothamanga, wolemera makilogalamu 55, ndipo mpikisano watsala masabata 16. Akudandaula kuti liwiro limene ankalikwanitsa bwinobwino tsopano likumutopetsa, pa chitunda akupuma wefuwefu, miyendo ikulemera. Ameneyu asayambe wagula kalikonse. Apite akayezetse magazi, ndipo apemphe zinthu zitatu: himogulobini, feritini ndi CRP.

Mverani bwino apa, chifukwa ambiri amayezetsa himogulobini yekha n'kuuzidwa kuti magazi ali bwino. Himogulobini ndi amene amanyamula mpweya m'magazi. Feritini amasonyeza ayironi amene thupi lasunga. Thupi limayamba kutapa zosungidwazo, ndipo himogulobini amatsika pomaliza, zosungidwa zitatha kale. Mayi wathuyu akhoza kupezeka ndi himogulobini wa 12.6, zimene zili pamwamba pa malire a 12 kwa amayi, pamene kwa abambo malire ndi 13. Koma feritini wake n'kukhala 14. Kwa wothamanga, feritini akatsika kufika pansi pa 35 madokotala a zamasewera amayamba kale kuchitapo kanthu, ndiye 14 ndi wochepa ndithu.

Nanga CRP ndi wa chiyani? Ameneyu amasonyeza ngati m'thupi muli kutupa kapena matenda. Feritini amakwera munthu akamadwala, akakhala ndi chilonda chotupa, ngakhalenso atangothamanga mtunda wautali. Zikatero nambala imaoneka yabwino chikhalirecho ayironi mulibe. CRP akakwera, dziwani kuti feritini wa tsiku limenelo sangadalirike. Choncho kayezetseni m'mawa, muli bwino, mutapumula tsiku lathunthu osachita masewera olemetsa.

Othamanga amataya ayironi m'njira zingapo: phazi likamamenya pansi maselo ena ofiira amasweka, wina amatuluka ndi thukuta, wina m'matumbo, ndipo kwa amayi msambo umawonjezera. Ngati dokotala wakupatsani mapiritsi, kamwedwe kake n'kofunika kwambiri. Musamwere tiyi, khofi kapena mkaka, chifukwa zimenezi zimatchinga ayironi kuti asalowe. Siyani ola limodzi kapena awiri pakati. Vitamini C, monga wa m'lalanje, amathandiza. Palinso homoni ina yotchedwa hepisidini, imene imatseka njira ya ayironi m'matumbo, ndipo imachuluka pakadutsa maola atatu mpaka asanu ndi limodzi mutathamanga. N'chifukwa chake piritsi limalowa bwino m'mawa kusiyana ndi madzulo a tsiku la mtunda wautali. Chimbudzi chikada musadabwe. Likamakuvutani m'mimba kapena kukudzimbitsani, funsani dokotala za kumwa modumphitsa tsiku. Pakatha masabata 8 mpaka 12 yezetsaninso.

Ndikupempheni ndithu: musamwe ayironi mongoganizira. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wochuluka, amangounjikana m'chiwindi, ndipo pali anthu ena obadwa ndi vuto losunga wambiri. Bambo kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi ayironi wochepa, dokotala afufuze kumene magazi akutayikira. Mapiritsiwo abiseni kutali ndi ana, amatha kupha mwana.

Kuyeza kwachiwiri sikufuna chipatala, kukufuna sikelo. Tayani madzi, dziyezeni musanavale, thamangani ola limodzi pa liwiro la mpikisano, pukutani thukuta, dziyezeninso musanavale. Kilogalamu imodzi yotsika ndi lita imodzi ya thukuta, ndipo muwonjezerepo madzi amene munamwa m'njira. Mayi uja ananyamuka ali 55.0, wabwerako ali 54.4, ndipo anamwa mamililita 300. Ndiye kuti amataya mamililita 900 pa ola. Akathamanga maola anayi ataya malita 3.6. Sayenera kubwezera onsewo. Kutsika ndi magawo awiri pa 100 alionse a kulemera kwake, kilogalamu imodzi ndi pang'ono, thupi limapirira. Choncho mamililita 600 pa ola amukwanira. Bwerezani kuyezaku tsiku lotentha ndi tsiku lozizira, chifukwa nambala zimasiyana kwambiri.

Michere imene amaitcha maelekitirolaiti ilipo ingapo, koma wotayika kwambiri m'thukuta ndi sodiyamu. Pa mpikisano wa maola ambiri, mamiligalamu 300 mpaka 600 a sodiyamu pa ola ndi poyambira pabwino. Werengani pa paketi mosamala: galamu imodzi ya mchere ili ndi sodiyamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 400 okha. Amene chipewa chake chimauma ndi mizere yoyera, thukuta n'kumamulasa m'maso, ayandikire nambala yapamwambayo.

Bambo kumbuyoko akufunsa ngati kumwa madzi ambiri kuli ndi vuto. Inde bambo, ndipo ndi vuto loopsa. Mukamwa kuposa mmene mukutayira, sodiyamu wa m'magazi amasungunuka, ndipo ubongo umayamba kutupa. Pa mpikisano wa malathoni wa ku Boston, ku America, mu 2002, mwa othamanga amene anayezedwa atamaliza, 13 pa 100 alionse anapezeka ndi sodiyamu wotsika. Amene amagwa m'vutoli kawirikawiri ndi othamanga pang'onopang'ono, omwe amamwa pa tebulo lililonse la madzi m'njira. Zizindikiro zake ndi zala kutupa mpaka mphete kuthina, mimba kugubuduka ndi madzi, mutu kuwawa, kusanza, kenaka kusokonezeka maganizo. Munthu wotere musamumwetsenso madzi, muthamangire naye kwa achipatala. Mapiritsi a mchere sangakutetezeni ngati mukumwa mopitirira muyeso. Mukamaliza kuthamanga mukulemera kuposa mmene munayambira, mwamwa kwambiri.

Tsopano kafini. Amachititsa kuti ubongo usamve kutopa msanga, ndipo ndi wololedwa pa mipikisano kuyambira mu 2004. Mlingo wake ndi mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ola limodzi musananyamuke. Yambirani pa 3. Kwa mayi uja ndi mamiligalamu 165, pafupifupi makapu awiri a khofi, ngakhale kuti kapu ndi kapu zimasiyana mphamvu. Piritsi kapena jelo wolembedwa mlingo ndiye wodalirika. Kuwonjezera kupitirira 6 sikuwonjezera liwiro, kumangobweretsa kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri ndi kutsegula m'mimba pa kilomita ya 15. Mukhozanso kugawa: theka musananyamuke, theka lina mukamayandikira kilomita ya 25, kuti likugwireni pamene miyendo ikuyamba kukana.

Kafiniyu muyeseni pa mitunda yaitali iwiri kapena itatu, nthawi yomweyo ya m'mawa, ndi chakudya chomwecho chimene mudzadye pa tsikulo, osasintha china chilichonse, kuti mimba ikavuta mudziwe chavuta n'chiyani. Musamuyese madzulo, chifukwa pakatha maola asanu theka lake limakhala likadali m'magazi ndipo tulo timasowa. Odwala mtima, a kuthamanga kwa magazi ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa dokotala. Ndipo mayi uja, popeza akumwa ayironi, pa masiku oyesa khofi piritsi lake alimwe tsiku lotsatira m'mawa, khofi asanafike pakamwa.