Kupepesa makolo amene mwana wawo wapita padera kapena wabadwa atamwalira

Zikomo a mfumu, anankungwi, amayi ndi abambo nonse. Nkhani ya lero ndi ya maliro aja amene sitiwalengeza, maliro a nthayo. M'midzi yambiri kuno kwathu, mwana akabadwa atamwalira amakaikidwa ndi amayi akuluakulu okhaokha, mwakachetechete, popanda siwa, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire mokweza. Anthu akabalalika, banja lija limatsala lokha ndi thumba la matewera ndi zitenje zomwe linagula. Obwera kudzazonda amabwera ndi mtima wabwino, koma pakamwa ndi pomwe pamaonongeka zinthu.

Ndiyambe ndi funso lomwe limapweteka kuposa onse: "Unachita chiyani kodi?" Limabwera m'njira zambiri. Ena amati unanyamula chidebe cholemera, ena amati unalima kwambiri. Ena amatembenukira bambo, amvekere wamusempha mkazi, anayenda panja. Tamvani zomwe achipatala timadziwa. Mimba zambiri zomwe zimachoka zimachoka m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo pafupifupi theka la zimenezi n'chifukwa chakuti mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi penipeni. Palibe mtondo, khasu kapena kugona pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi komwe kunachititsa. Mwana akamwalira m'mimba itakula, kuyambira masabata 28 kupita m'tsogolo, zomwe timazipeza kawirikawiri ndi malungo, chindoko, kuthamanga kwa magazi, nsengwa kumatuka nthawi isanakwane, kapena matenda a pobereka kutalika mwana n'kubanika. Nthawi zina ngakhale dokotala sapeza chifukwa. Ndiye iwe wobwera kudzapepesa, amene sunamuyeze n'komwe, chifukwacho wachitenga kuti? Mayiyo wakhala akudzizenga yekha mlandu usiku wonse. Funso lako likungomutsimikizira kuti ndi wolakwadi.

Tiyerekeze tsopano. Mtsikana wa pamudzi pano, mimba yoyamba, miyezi isanu ndi itatu. Mwana wasiya kusuntha, apita kuchipatala, auzidwa kuti mtima wa mwana sukugunda. Amupatsa mankhwala oyambitsa matenda kuti abereke, wamva ululu wonse wa pobereka, wabereka, koma wabwera kunyumba kumsana kulibe kanthu.

Tsiku loyamba mwalowa m'nyumba. Azakhali akuti, "Usadandaule mwanawe, ukadali wamng'ono, udzabereka wina." Iwo akuganiza kuti akumupatsa chiyembekezo. Iye akumva kuti mwana amene anamunyamula miyezi isanu ndi itatu, amene ankamumenya timiyendo usiku, ndi ngati mbale yosweka yoti mawa tikagula ina. Komanso azakhaliwo akulonjeza chinthu chomwe sichili m'manja mwawo. Mawu enanso a mtundu womwewu ndi akuti "bola sunamuzolowere", kapena kwa amene mimba yachoka ili yaing'ono, "anali magazi chabe". Kwa amene ali ndi ana ena timati "thokoza, uli nawo atatu". Mawu aliwonse oyamba ndi "bola" ingowamezani. Amachepetsa chinthu chomwe kwa mwini wake n'chachikulu.

Nanga zakuti "chinali chifuniro cha Mulungu"? Apa ndipempha abusa ndi amayi a mvano mundimvetse. Mayiyo akanena yekha mawu amenewa, vomerani, ndi pomwe wapeza pogwira. Koma mukamuuza inu, misozi ili m'maso, iye amamva kuti Mulungu anamusankha dala kuti amulande mwana, ndipo kulira kwake kukuoneka ngati kutsutsana ndi Mulungu. Kuli bwino kufunsa kuti, "Tipemphere nanu?" Akakana, musakakamize.

Zoyenera kunena n'zochepa. "Pepani, tamva za mwana wanu." Nenani mawu oti mwana, musawazembe. Ngati anali atamupatsa kale dzina, litchuleni. Kenako khalani pansi pamphasa, mukhale chete. Akayamba kufotokoza, mvetserani, ngakhale abwereze nkhani yomweyo katatu, ndipo musamudule ndi nkhani ya mchemwali wanu amene anataya ana awiri. Akalira musiyeni alire. Zija timati ukalira nthayo utseka mimba si zoona, misozi ilibe njira yopita kuchiberekero. Mphindi makumi awiri kapena theka la ola zakwana, pokhapokha iye akakuuzani kuti mukhalebe.

Ndipo musanene kuti "mukafuna kanthu mutiuze". Wofedwa sapempha. Bwerani ndi nkhuni, tungani madzi, phikani phala, tengani ana ena akasewere kwanu masana. Koma katundu wa mwana musamuchotse iye asakudziwa. Ambiri amachita zimenezi pofuna kumuteteza, mayi n'kufika kupeza m'nyumba mwayera ngati sipanakhalepo mimba. Mufunseni. Ena amafuna kusunga kachipewa kamodzi, ena amafuna zonse zichoke, ndipo mwini wake ndiye anene.

Tsiku lachitatu ndi lomwe anthu ambiri salidziwa. Thupi silidziwa kuti mwana wamwalira, ndiye pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi mkaka umabwera. Mabere amatupa, amalimba, amawawa, bulauzi imanyowa. Kwa amayi ambiri tsiku limeneli limapweteka kuposa la kumanda, ndipo alendo amakhala atasiya kubwera. Mayi wamkulu mmodzi amene amamukhulupirira akhale pafupi. Avale kamisolo wogwira bwino, aziika kansalu konyowa ndi madzi ozizira, amwe panado. Akalimba kwambiri afinye pang'ono chabe kuti ululu uchepe, chifukwa akafinya wonse thupi limapanga wina. Bere likafiira mbali imodzi, thupi n'kutentha, apite kuchipatala.

Wozonda akhalenso ndi maso. Magazi akamadzaza thewera la amayi kawiri pa ola limodzi kwa maola awiri otsatizana, akamatuluka zonunkha, akamatentha thupi, kumva chizungulire, m'mimba kupweteka kwambiri, kapena mutu kuwawa koopsa ndi maso kuchita chidima, musadikire kuti kuche. Izi zimasonyeza kuti mwina zina zinatsalira m'chiberekero, mwalowa matenda, kapena magazi akuthamangabe. Pezani njinga kapena galimoto nthawi yomweyo.

Abambo, tsopano kwa inu. Timakonda kumufunsa mwamuna kuti "mayi ali bwanji kunyumba?" n'kuthera pomwepo, ngati iye sanataye kanthu. Ena timamuuza kuti limba, ndiwe mwamuna. Iyenso anali atayamba kudzitcha bambo wa uje. Mufunseni kuti, "Nanga inuyo achimwene, mtima uli bwanji?" Akayamba kuchedwa kumowa kuposa kale, nthawi zambiri ndiko kulira kwakeko. Ndipo apongozi, funso loti "mimba ina liti?" lisiyeni. Mayi angathe kutenga pakati patangopita masabata awiri mimba itachoka, thupi lisanabwezeretse magazi, n'chifukwa chake achipatala amalangiza kudikira miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Akamapita kukaonedwanso pakatha masabata asanu ndi limodzi, apite onse awiri, ayezetse chindoko onse awiri, afunse zomwe zinachitika ndiponso za kulera.

Chisoni chilibe tsiku lothera, koma pali malire oti tichitepo kanthu. Pakatha masabata awiri mayi osadya, osagona, osasamba, osatuluka m'nyumba, muperekezeni kuchipatala. Akanena kuti "bola ndikanafa ine" kapena kuti akufuna kumutsatira mwana, musamukalipire, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumbamo, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.

Mwezi womwe mwana akanabadwa ukafika, kapena mnzake amene ankapita naye kusikelo akabereka, chilonda chimatsegukanso. Mukadutseko tsiku limenelo. Ku mwambo wotulutsa mwana wa mnzakeyo mumuitane ndithu, koma mumuuze kuti akapanda kubwera palibe amene adandaule.