Yambani ndi zomwe makina awerenga, kumasulira kubwere pambuyo

Amayi ndi abambo, mukajambula pepala la Chingelezi ndi foni kuti ikumasulireni, mkatimo mumachitika ntchito ziwiri. Poyamba makina amazindikira zilembo za pachithunzi n'kuzilembanso. Akatero ndi pamene amamasulira. Gawo lomasulirali limangolandira zomwe loyamba lalipatsa, choncho cholakwika cha poyamba chimatuluka m'Chichewa chomveka bwino ndithu, inu osakayika kanthu.

Tiyerekeze kuti botolo la mankhwala opopera mbewu lalembedwa kuti `Mix 2.5 ml in 10 litres of water. Do not spray within 14 days of harvest.` Musathamangire kumasulira. Mu Google Lens, pulogalamu ya pafoni yowerenga mawu a pachithunzi, sankhani mawu omwe makina awerenga, muwakope, muwaike poti muwaone okha. Kenako gwirani botolo m'dzanja, mufananize mzere ndi mzere.

Nambala ndiye zofunika kuzidekhera. Kadontho ka pakati pa 2 ndi 5 n'kakang'ono kwambiri, ndipo chithunzi chikakhala chosaoneka bwino makina amakataya n'kulemba `25 ml`. Apa mankhwala achuluka kakhumi, mbewu zikhoza kupsa. Womasulira sangakuchenjezeni, chifukwa 25 nayonso ndi nambala yabwinobwino. Yang'aninso ziro, yemwe amasanduka chilembo `O`, ndi 1 yemwe amafanana ndi `l`. Ndiye botolo ndi lozungulira: mawu a m'mphepete amapindika, mwina kubisika ndi kunyezimira kwa pulasitiki. Mawu oti `Do not` akasowa, chiletso chasanduka lamulo loti poperani. Werengani mawu oyamba ndi otsiriza a mzere uliwonse.

Mukapeza kadontho kamodzi kasowa, konzani ndi dzanja. Zolakwika zikachuluka, jambulaninso powala, foni ili chilunjike, ndipo botolo mulijambule mbali imodzi, kenako inayo.

Tsopano mawu okonzedwa aja muwapereke kuti amasuliridwe. Apa simukuyang'ananso zilembo koma tanthauzo. Nambala zitatu zija, 2.5, 10 ndi 14, zonse zilipo, iliyonse ndi muyezo wake? Chiletso chilipo? M'Chichewa chiletso chimagona pa kamphatikiza kakang'ono: “musapopere” ndi “mupopere” zasiyana pa -sa- pokha. Mawu ovuta pano ndi `within`. Zikatuluka kuti “musapopere kwa masiku 14 mutakolola”, nkhani yatembenuka, pakuti botolo likunena masiku 14 otsiriza musanakolole.

Ena amati ingomasulirani Chichewacho kubwerera ku Chingelezi muone ngati zikufanana. Zimathandiza pang'ono, komatu 25 uja abwerera ali 25 yemweyo. N'chifukwa chake njira ija yoti foni imata Chichewa pamwamba pa chithunzi sindiikhulupirira pa nkhani ya miyezo: imaphimba mawu enieni omwe mumayenera kufananiza nawo.