Mawu a M'mawa: Pa Chithunzipa Pali Ndani?

Mwauka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiwerenge Yohane 1:19-20. Ansembe ndi Alevi atafunsa Yohane Mbatizi kuti ndi yani, iye sanabise, anavomera poyera kuti sindiye Khristu.

Dzulo ndinali kwa ambuya anga ku Kapata kuno ku Chipata. Pakhoma pawo pali chithunzi cha munthu wa ndevu, wa tsitsi lalitali ndi maso obiriwira ngati thambo, atavala chisoti chaminga. Kamdzukulu kawo kanaloza n'kufunsa kuti, "Ambuya, uyu ndani?" Iwo anayankha kuti, "Ndi Yesu, mwanawe." Mtima wanga sunakhazikike, chifukwa chithunzicho chinatengedwa mu filimu ya 1977 yotchedwa Jesus of Nazareth, ndipo munthuyo ndi Robert Powell wa ku England.

Ambuya sananame ayi. Funso la mwanayo lili ndi mayankho awiri. Dzina la munthu wa m'nkhani timalidziwa poona zimene zikuchitika: chisoti chaminga, mkanjo, mtanda. Aliyense amene anamvapo Uthenga Wabwino anganene kuti pamenepa akuonetsa Yesu, ngakhale nkhope itabisika. Koma dzina la wosewera silipezeka mu mkanjo. Limalembedwa pa mndandanda wa mayina umene umadutsa filimu ikamatha, nthawi imene ife timakhala tayamba kale kunyamula mipando.

Taonaninso kuti udindo umodzi womwewo anausenza anthu osiyana. Mu filimu ya Yesu ya 1979, yotsata buku la Luka, ija imaonetsedwa pa chinsalu m'midzi usiku, wosewera ndi Brian Deacon, ndipo mawu a chinenero chathu amene timamva ndi a munthu winanso amene anawajambula pambuyo pake. Mu 2004 anali Jim Caviezel. Iyeyu anamuika mphuno yochita kupanga, maso ake n'kuwasintha mtundu pa kompyuta. Ndiye kungoyang'ana nkhope n'kutchula dzina la wosewera, munthu angaphonye mosavuta, poti ndevu ndi zodzoladzola zimawafananitsa onse.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri tikatseka maso popemphera, nkhope ya wosewera ndi imene imabwera. Komatu Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane sanalembe za kutalika kwa Ambuye, kapena mtundu wa maso awo. Petro analembera okhulupirira kuti amamukonda ngakhale sanamuone (1 Petro 1:8). Chikondi chimenecho sichinadikire kamera.

Sindinauze ambuya kuti achotse chithunzicho. Ndinangokhazika mwanayo pamwendo n'kumuuza kuti, "Bambo awa dzina lawo ndi a Powell, amadya nsima yakwawo ngati iwe ndi ine. Anavala chonchi kuti ationetse nkhani ya Yesu." Anandiyang'ana kwakanthawi, n'kufunsa kuti, "Nanga Yesu weniweni amaoneka bwanji?" Ambuya anatenga Baibulo lawo lakale lija, n'kuyamba kumuwerengera Yesaya 53.