Makalata a Omvera: Madontho ndi Jakisoni wa Poliyo

Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mayi wina amene akuti: "Mwana wanga anamudontheza katemera wa poliyo m'kamwa, tsiku lomwelo anamubayanso wina wa poliyo yemweyo. Kodi wa m'kamwayo sagwira ntchito?"

Amagwira, amayi, koma awiriwa amalondera makomo osiyana. Katemera aliyense amaonetsa asilikali a m'thupi maonekedwe a kachilombo kasanabwere kenikeniko. Thupi limapanga zida zogwirira kachilomboko, ntchito yotenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo asilikali ena amatsala akukumbukira kwa zaka zambiri. Kenikeniko kakadzalowa, amakazindikira msanga.

M'madontho awiri aja muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Kamaswana m'matumbo mwa mwana, momwe poliyo weniweni amafikira akalowa kudzera m'kamwa. Choncho matumbowo amaphunzira kudziteteza, ndipo mwana akadzameza kachilombo koopsako, sikapeza mpata woswana n'kutuluka m'chimbudzi kukagwira ana ena. Apa ndiye pagona mphamvu ya madonthowo, ndipo ine ndimawalemekeza pa chifukwa chimenechi.

Komabe chamoyo chimatha kusintha. Kofooka kaja kamatulukanso m'chimbudzi kwa milungu ingapo. Kumene ana ambiri sanalandire katemera, kangathe kuyenda kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo kwa miyezi yambiri mpaka kubwezeretsa ukali wake n'kupuwalitsa mwana. Sizichitika kawirikawiri, ndipo ana ambiri akatemeredwa kamasowa kolowera.

Wa jakisoni, amene Jonas Salk anapanga ndipo anayamba kuperekedwa mu 1955, muli kachilombo kophedwa ndi mankhwala. Sikangaswane, sikangadwalitse mwana poliyo ngakhale pang'ono. Chitetezo chake chimakhala m'magazi, chimatsekereza kachilombo kuti kasafike kumitsempha ya kumsana, komwe kupuwala kumayambira. M'matumbo ndiye mphamvu yake ndi yochepa.

Palinso china. Poliyo alipo wa mitundu itatu. Kuyambira mu 2016 mtundu wachiwiri anauchotsa m'madontho a kusikelo, pamene jakisoni ali nayo yonse itatu. Ndiye mwana wanu akanaphonya jakisoniyo, akanatsala opanda chitetezo ku mtundu umenewo. Pitirizani ndithu mpaka maulendo onse olembedwa m'buku lake atakwana.

Bambo wina walemba mwachidule: "Mwana wanga akulandira mankhwala a khansa. Alandire katemera?"

Bambo, uzani adokotala ake asanalandire katemera aliyense. Mankhwalawo amafooketsa asilikali a m'thupi, moti kachilombo kamoyo, ngakhale kofooka, kangamudwalitse. Madontho a poliyo, katemera wa chikuku ndi wa TB onse ndi amoyo, choncho amayamba adikira. Wophedwa uja sangaswane mwa iye, kungoti thupi lofooka siliphunzira bwino, n'chifukwa chake adokotala angamubwereze akamaliza mankhwala. Afunseninso za azibale ake a m'nyumba momwemo, chifukwa mng'ono wake akalandira madontho, kachilombo kaja kangamufike kudzera m'matewera.