Chamba chosakaniza ndi fodya: zimene zimachitika m'chifuwa ndi m'mutu

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwaima kumbuyoko. Senderani kuno, mabenchi akadalipo.

Malamulo sinditaya nawo nthawi. Lamulo la 2020 linalola okhawo amene ali ndi chiphaso kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kusuta ukadali mlandu. Ine ndabwera ndi nkhani ya m'thupi, makamaka chizolowezi chophwasula ndudu n'kuthira fodya wake m'chamba popichira. Ena amathira chingambwe, poti burley kwathu kuno ku Mzuzu sasowa, Rumphi ndi Mzimba ndi pafupi. Amati kutero chamba chimayaka bwino, sichizimazima, komanso chochepa chimakwanira anthu ambiri. Zoyakazo ndi zoona. Koma muli china chimene amalowetsa m'thupi osachiwerengera.

Mufodya muli nikotini. Mukakoka utsi, nikotini amafika mu ubongo pasanathe masekondi 20. Koma sakhalitsa. Pakatha maola awiri, theka lake limakhala litachoka m'magazi, ndipo thupi limayamba kuitanitsa wina. Chibaba chija chimachokera pamenepo. Chamba ndi chosiyana. Chimene chimaledzeretsa m'chamba, chimene madokotala amachitcha THC, chimakabisala m'mafuta a m'thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Nachonso chamba chimamanga munthu, musamve molakwa, koma sichigogoda pachitseko maola awiri aliwonse ngati nikotini.

Tiyerekeze ndi mnyamata wa kabaza, woyenda pakati pa Chibavi ndi m'tauni. Si munthu weniweni, musayambe kuyang'anana. Poyamba ankasuta chamba Loweruka lokha, ndi anzake. Kenako wayamba kuthiramo theka la ndudu. Miyezi ingapo ikudutsa, akusuta madzulo alionse. Chaka chisanathe akusuta m'mawa asanakwere njinga, cha m'ma 10, masana, madzulo kawiri ndi pogona. Kasanu n'kamodzi patsiku, theka la ndudu ulendo uliwonse. Ndi ndudu zitatu zimenezo. Mukamufunsa ngati amasuta fodya, akana mpaka kulumbira, ndipo sakunama mwadala: paketi ya ndudu sanagulepo. Iye akuganiza kuti chamba ndi chimene chikumuitana. Chikumuitana kwambiri ndi nikotini, koma poti thupi lake linaphunzira kulandira nikotini kudzera m'chamba, kukhuta kwake n'kupichira china. Mapeto ake chamba chimene akusuta chachuluka kangapo, ndipo nachonso chayamba kumugwira. Zingwe ziwiri zamumanga, iye akuona chimodzi.

Mungadziwe bwanji kuti zafika pamenepo? Funso loyamba limene azaumoyo amafunsa osuta ndi lakuti: mukadzuka, mumatha nthawi yotani musanasute? Ngati sipatha mphindi 30, nikotini wakugwirani, chifukwa usiku wonse wakhala akuchoka m'magazi. Chachiwiri, munthuyo akasuta chamba chopanda fodya amaledzera ndithu, koma mtima sukhala m'malo, amati chikusowa kanthu. Ndipo tsiku limene chamba chasowa, akapempha ndudu imodzi, ukali uja umazizira. Anthu ambiri amayamba kugula ndudu motere.

Tibwere m'chifuwa. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Utsi wa chamba nawo uli ndi phula ndi zambiri zomwezo, chifukwa tsamba ndi tsamba, likapsa limatulutsa utsi. Chimene chimaonjezera vuto ndi kasutidwe. Ndudu munthu amakoka pang'ono n'kutulutsa. Chamba amakoka mpaka chifuwa kudzaza, n'kugwira mpweya, n'kusuta mpaka moto kuwotcha zala, kumene phula launjikana. Mu 1988 akatswiri ena ku America anayeza zimenezi, napeza kuti wosuta chamba amakoka phula lochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi wosuta ndudu imodzi, ndipo mpweya woipa uja, womwe umakomola anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, umakwera m'magazi pafupifupi kasanu. Tsono mukasakaniza, fodya uja mukumusuta mwa kasutidwe ka chamba. Wopanda fyuluta, mozama, mogwirira. Sindikunena kuti fyuluta imateteza munthu, ayi, ndudu zafyuluta zapha anthu ambirimbiri. Ndikunena kuti njira iyi ndi yoipa kuposa.

Achinyamata mumati kugwira utsi m'chifuwa kumaonjezera mphamvu. Chizungulire mumamvacho, mbali yaikulu ndi ubongo umene ukusowa mpweya wabwino. THC yochuluka imakhala italowa kale m'masekondi oyambirira. Chotsalira m'mapapomo mukagwirira ndi phula.

M'njira za mpweya muli titsitsi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timakankhira fumbi, majeremusi ndi makhololo m'mwamba kuti zituluke. Utsi umafoola titsitsi timeneti. Makhololo amatsalira m'kati, ndiye munthu amadzuka n'kukhosomola kwa m'mawa kuja, kotulutsa makhololo olimba. Kuno ku Mzuzu n'kosavuta kudzinamiza, timangoti ndi kuzizira kwa Juni. Koma Okutobala akafika chifuwa chikadalipo, si kuzizira kumeneko. Wa kabaza uja azindikira pachitunda: pamene ankakwera ndi kasitomala osatsika, tsopano akutsika n'kumakankha njinga ali wefuwefu, m'chifuwa mukulira ngati wa mphumu. Zikapitirira zaka zambiri, timatumba ta mpweya ta m'mapapo timang'ambika, ndipo timeneto sitimeranso.

Amayi, mwakweza dzanja.

"Zikomo adokotala. Wanga akukhosomola mwezi wathunthu, koma akuti ndi fodya chabe, zisiya zokha. Ndimutani?"

Apite akayezetse makhololo, mawa lomwe ngati n'kotheka, kaya kuchipatala cha Mapale kaya ku Central. Chifuwa chopitirira masabata awiri timayamba taganizira TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akuonda, kapena makhololo ali ndi magazi. Kusuta kumaonjezera mpata wodwala TB, ndipo choipa china n'chakuti wosuta anazolowera kukhosomola, ndiye amachedwa kubwera. Kupatsirana ndudu imodzi anthu asanu m'kachipinda kotseka mawindo nakonso, ngati mmodzi ali ndi TB, onsewo akupuma mpweya wake. Ndipo akafika kuchipatala anene zonse ziwiri, fodya ndi chamba. Akabisa chimodzi, thandizo limaperewera.

Za kusiya. Wosakaniza akasiya, mavuto awiri amamugwera nthawi imodzi. A nikotini amafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu: ukali, kusakhazikika, njala yosatha, ndipo amazilala m'masabata awiri mpaka anayi. A chamba amavuta kwambiri sabata yoyamba: tulo kusowa, maloto oopsa, chakudya kusakoma, thukuta. N'chifukwa chake tsiku lachitatu ndi limene ambiri amagonja. Inu makolo mukadziwa zimenezi, sabata imeneyo si yoyambitsa milandu ya ndalama kapena ya sukulu.

Msampha waukulu ndi kusiya chamba n'kutsala ndi ndudu, kumati bola fodya ndi wololedwa. Mapapo sanapumule, ndipo ndudu iliyonse imakumbutsa ubongo za mnzake uja. Maganizo anga ndi akuti zisiyidwe zonse pamodzi. Amene akuti sangathe zonse lero, achotse kaye fodya m'chambamo, osati chifukwa chamba chokha ndi chabwino, koma chifukwa pakatha masabata angapo kasanu n'kamodzi kaja kakhoza kuyamba kutsika. Chifuwa chikhoza kukula masiku oyamba atasiya, titsitsi tija tikayambanso ntchito, musadabwe nazo.

Ngati mwana wanu wayesa kusiya n'kulephera, kapena wayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kukayikira aliyense kuti akumupangira chiwembu, musadikire. Ku St John of God kuno ku Mzuzu kuli aphungu ndi madokotala othandiza anthu amene agwidwa ndi mowa, chamba ndi mankhwala ena. Pitani naye limodzi, asapite yekha.

Bambo a chipewa kumbuyoko, funso lanu likhale lotsatira.