Mwana Walowetsa Chinthu M'khutu: Musanathire Kanthu, Dziwani Kaye Chalowa

[Pa sikirini: chithunzi cha khutu, chikuonetsa njira yolowera m'kati]

Makolo ndi nonse olera ana, takulandirani. Mwana akabwera akulira atagwira khutu, n'kunena kuti mwalowa kanthu, dzanja limathamangira kamtengo ka machesi kapena kapu ya madzi. Imani kaye. Mkanda, njere ndi kachilombo sizichotsedwa mofanana, ndipo zimene zingathandize pa china zimaononga pa chinzake.

Taonani mmene khutu lilili m'katimu. Kanjira aka, kwa munthu wamkulu, n'kotalika pafupifupi masentimita 2.5, ndipo kwa mwana n'kakafupi komanso kopapatiza kuposa apa. Chakunja kuno n'kofewa. Mukalowa m'kati, kamapanikizika pamalo pomwe fupa layambira, ndipo kuseri kwa pamenepo khungu lake ndi lopyapyala kwambiri, losachedwa kupweteka ndi kutuluka magazi. Kumapeto kuli nembanemba imene imanjenjemera kuti timve mawu.

[Pa sikirini: muvi ukuloza pamalo popanikizika]

Nthawi zambiri mwana amasiya chinthu chakunja kuno, chifukwa kachala kake sikafika patali. Amene amachikankhira kuseri kwa malo opanikizikawa ndi ife akuluakulu, pofuna kuthandiza. Kamtengo ka machesi, pini ya m'mutu, kamtengo kathonje kumapeto, zonsezi zilibe pogwirira chinthu chobulungira. Zimangochikankha. Ndipo mwana akagwedeza mutu chifukwa cha ululu, kamtengoko kangathe kuboola nembanemba ija.

Tsono tiyeni titenge chitsanzo chimodzi, tichitsatire mpaka kumapeto. Mtsikana wa zaka 4 akusewera, walowetsa njere ya nyemba m'khutu lakumanja. Si kuti akulira kwambiri ayi, akungoti khutu latseka.

Choyamba, musamukalipire. Ndikunena izi motsindika chifukwa mwana woopa mkwapulo amabisa, kapena amanama, pomwe inu mukufunika kudziwa kuti chalowa n'chiyani, ndi liti, ndiponso ngati n'chimodzi. Mukhazikeni pamiyendo, mumufunse modekha. Kenako kokerani khutu pang'ono kumbuyo, muunike ndi tochi. Kuona kokha, osalowetsamo kanthu.

Mwaiona nyemba ija. Mugonekeni mutu cham'mbali, khutu lakumanjalo liyang'ane pansi, mugwedeze khutu lakunjali pang'onopang'ono. Osamenya mutu. Ikagwa, mwayi wanu. Ikapanda kugwa, ntchito yanu yapanyumba yathera pomwepo, konzekani ulendo wakuchipatala tsiku lomwelo.

Apa ndiye pomwe ambiri amalakwitsa: amathira madzi kuti nyembayo iyandame. Njere youma imamwa madzi n'kufufuma. Nyemba imene masana inali ndi mpata m'mbali mwake, ikanyowa, pofika usiku imakhala itadzaza kanjira konse, ikufinya khungu, mwana akulira osatonthola. Komanso imafewa, moti poichotsa imanyenyeka. Choncho njere iliyonse, pepala, thonje kapena kachidutswa ka siponji, musathire madzi. Ngakhale pomusambitsa mwanayo musanapite kuchipatala, khutulo lisanyowe.

Kuchipatala, dokotala ayang'ana ndi kachipangizo kounikira m'khutu. Nyemba ikakhala ili chakunja, amalowetsa kachitsulo kopindika kunsonga, n'kukapititsa kuseri kwa njereyo, kenako n'kuikokera kunja. Nthawi zina amagwiritsa ntchito kapaipi koyamwa. Inu mudzapemphedwa kumugwira mwana mwamphamvu kuti mutu usagwedezeke. Zimatheka m'mphindi zochepa.

Koma mvetsani ichi: kuyesa koyamba ndiko kumakhala ndi mwayi waukulu. Mwana amene wazunzika kale kunyumba amafika khutu litatupa, muli magazi otchinga, ndipo salolanso munthu kumukhudza. Zikatero, pamafunika kumugonetsa tulo ndi mankhwala kuti achotse nyemba imodzi yokhayo. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti mwayi woyambawo muusiyire amene ali ndi zida zake. Mukumbutseni dokotala ayang'anenso khutu linalo ndi mphuno, chifukwa mwana amene walowetsa kumodzi nthawi zina amakhala atalowetsanso kwina.

Mkanda sufufuma, ndiye suthamangitsa ngati njere. Ukalowa usiku, mwana osamva ululu, osatuluka magazi, mungathe kudikira kuche. Koma ndi woterera kwambiri, ndipo kuugwira ndi kachitsulo kopanira kumangoutsetserezera m'kati. Musayese.

[Pa sikirini: kachilombo m'kanjira ka khutu]

Kachilombo kamoyo ndi nkhani ina. Kawirikawiri kamalowa kokha mwana ali m'tulo, ndipo amadzuka akukuwa, chifukwa kakamakupiza mapiko kapena kukanda pafupi ndi nembanemba, phokoso lake limamveka lalikulu zedi m'mutu. Mphemvu ikalowa imalephera kutembenuka, imangolimbikira kupita kutsogolo. Ena amati muunike tochi katuluke kokha. Pa tizilombo tina zimatheka, koma mphemvu imathawa kuwala, choncho musadalire njira imeneyi.

Apa ntchito yanu ndi kukapha kaye kuti ululu uleke. Mugonekeni mwana cham'mbali, khutu lovutalo liyang'ane kumwamba. Tengani mafuta ophikira aukhondo, osagwiritsidwapo ntchito, kapena mafuta amadzimadzi odzola ana. Afunditseni pofumbata botolo m'manja, osati pamoto. Dontherani kaye padzanja lanu, musamve kutentha kapena kuzizira, chifukwa zamadzi zozizira kapena zotentha zikalowa m'khutu zimayambitsa chizungulire. Donthezani pang'onopang'ono mpaka kanjira kadzaze. Kachilomboko kamasowa mpweya, ndipo m'mphindi zochepa kamasiya kuyenda. Kenako tembenuzani mutu kuti mafuta atuluke. Musathire parafini, mowa kapena mankhwala ophera tizilombo.

Mafuta amenewa ali ndi malire ake. Ngati khutu likutuluka magazi kapena mafinya, ngati mwana anauzidwapo kuti nembanemba yake ndi yobooka, kapena anachitidwapo opaleshoni ya khutu, musathire. Ndipo ngati simukutsimikiza kuti ndi kachilombo, musathirenso. Ngakhale katuluke, pitanibe kuchipatala akaone, chifukwa mwendo kapena phiko likatsalira limayambitsa kutupa ndi mafinya.

[Pa sikirini: kabatire kakang'ono kobulungira]

Pali chinthu chimodzi chimene sichidikira kuche: kabatire kakang'ono kophwatalala, konga ka mu wotchi kapena m'zidole zowala. Ana amakaona ngati mkanda wonyezimira. Kakakhudza chinyezi cha m'khutu, kamayamba kuotcha mnofu, ndipo m'maola ochepa kangathe kuononga khungu ndi nembanemba. Madzi kapena madontho a mankhwala amangofulumizitsa kupsako. Musathire chilichonse, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale ndi pakati pa usiku, ndipo mukangofika nenani kuti ndi batire kuti musaikidwe pamzere.

Thamanganinso chimodzimodzi ngati chalowacho ndi chosongoka, ngati m'khutu mukutuluka magazi, ululu ndi waukulu, kapena mwana akumva chizungulire ndi kusanza.

Nanga mwana amene sananene? Mudzamudziwa patapita masiku. Amakoka khutu limodzi pafupipafupi, samva bwino mukamuitanira mbali imeneyo, kapena khutu limodzi lokha limatuluka mafinya onunkha. Mukaona zimenezi, musayambe mwagula madontho a m'khutu. Pitani naye akamuunike kaye, ndipo muuzeni dokotala tizinthu ting'onoting'ono timene mwanayo wakhala akusewera nato masiku amenewa.