Dzina la kampani ya mtengatenga: liyeseni pa foni musanalilembe pa thiraki

[Pa kanema: thiraki yaima pa chipata cha m'malire, kunja kwada]

Tangoganizani, thiraki yanu yaima pa boda usiku. Dalaivala akuimbira ejenti wa tsidya linalo, foni ikudukaduka, iye n'kumatchula dzina la kampani. Ejentiyo akangophonya chilembo chimodzi, pepala lake silifanananso ndi la katundu kapena la inshuwalansi, ndipo thirakiyo ikhoza kugona pomwepo kudikira kuti akonze. Mwini katundu safunsa kuti walakwitsa ndani. Amangoti kampani ija ndi yochedwetsa.

N'chifukwa chake ine ndimati dzina lodalirika ndi lomwe limatuluka chimodzimodzi pakamwa pa aliyense komanso pa pepala lililonse. Ambiri amathamangira mawu ngati "Reliable", "Express" kapena "Global". Mawu otere ali kale pa mathiraki osawerengeka, ndipo akalembera a zizindikiro za malonda kawirikawiri salola munthu mmodzi kukhala mwini wa mawu ongofotokoza ntchito.

Yesani chonchi. Sankhani maina atatu aafupi. Imbirani anthu asanu olankhula zinenero za maiko omwe mathiraki anu azidutsamo, mutchule dzina kamodzi kokha, osabwereza, ndipo muwapemphe akulembereni pa uthenga. Kenaka tembenuzani: atumizireni lolembedwa, iwo akuwerengereni mokweza.

[Pa kanema: zilembo ch, j, l, r]

Apa ndi pomwe mudzaone zambiri. "Ch" yemwe ife timamutchula ngati mu "chala", wa Chifalansa ndi wa Chipwitikizi amamuwerenga "sh". "J" wa Chisipanishi amamveka ngati "h". Ndipo ife tomwe, "l" ndi "r" timawasinthanitsa osazindikira n'komwe. Anthu awiri mwa asanuwo akalemba mosiyana ndi inu, litayeni dzinalo ngakhale mumalikonda. Muwafunsenso ngati kwawo silikumveka ngati chipongwe.

Mvetseraninso momwe akulidulira, chifukwa dzina lalitali anthu amalidula basi. Federal Express makasitomala ankangoti FedEx, mpaka mu 1994 kampaniyo inangolitenga kukhala dzina lake la malonda. Chidule chomwe anthu anu asanu aja akupanga okha ndicho chidzamveke pa boda, ndiye chiyeseninso ichocho.

Lomwe lapulumuka mulifufuze musanagule penti. Kulembetsa chizindikiro m'dziko limodzi sikukutetezani m'dziko loyandikana nalo. Lowani pa intaneti pa Global Brand Database, kaundula wa zizindikiro za malonda wa WIPO, bungwe la padziko lonse loona za umwini wa zizindikirozi ndi nzeru zopanga zinthu, kufufuzako n'kwaulere, muyang'ane gulu 39, lomwe ndi la mtengatenga ndi kusunga katundu, kenaka mufunsenso kwa kalembera wa dziko lililonse la pa njira yanu. Mukapeza kuti palibe wina, lembetsani, ndipo kalembedwe komweko, chilembo ndi chilembo, kakhale pa chitseko cha thiraki, pa invoisi ndi pa chiphaso chodutsira malire.